Lezala Imodzi, Mutu Umodzi

Manson anamwalira Lachiwiri m'mawa m'tenti ya odwala kolera kuseri kwa chipatala, ndipo pofika madzulo a tsiku lomwelo anali ataikidwa kale. Azaumoyo anamukulunga m'pulasitiki yakuda, nawaza mankhwala pa bokosi. Sanalole kumusambitsa, sanalole kuona nkhope, ndipo analetsa kuphika ndi kugwirana chanza. Mkazi wake Eluby anaima pamanda pamodzi ndi mwana wawo Chiedza, wazaka khumi ndi zisanu, akudikira kuti misozi ibwere. Sinabwere. Chimene anachikumbukira pambuyo pake chinali chakuti fosholo imodzi inali yothyoka mpini.

Unali mwezi wa Disembala, chaka cha 2008. Ku Maglas, m'tauni ya Zvishavane, mipopi inali itauma kwa masabata asanu, ndipo magetsi ankabwera ngati mlendo wosokera. Eluby anali ndi saluni yake kuseri kwa mashopu, kachipinda kamodzi kokhala ndi mipando iwiri ndi galasi lalitali. Anabadwira m'komboni ya pamgodi pomwepo, makolo ake atachokera ku Dedza kalekale, ndipo anali atagwira mitu ya anthu kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Loweruka m'mawa ananyamuka kupita kukatsegula. Kunyumba kunali kutadzaza abale, makoma akununkhabe mankhwala amene a khonsolo anawaza, ndipo aliyense ankamuyang'ana ngati pali mawu amene anayenera kunena. Ku saluni kunalibe womuyang'ana. Anakankha wilibala ya zigubu ziwiri kuchokera kumjigo umene ankautcha chibhorani, nakoleza nkhuni panja, natereka mphika waukulu. Anasesa. Zipeso anazichotsa tsitsi ndi kaburashi, nazitsuka ndi sopo, chifukwa Jiki sagwira ntchito bwino pa chinthu chamafuta ndi litsiro. Kenako anathira m'ndowa kapu imodzi ya Jiki ndi makapu asanu ndi limodzi a madzi, naviikamo zipesozo, navindikira. Masizasi achitsulo anawaponya mumphika, nayang'ana wotchi yapakhoma kuti awire mphindi makumi awiri. Manja ankachita zonsezi okha. Iye ankangowatsatira.

Kuyambira tsiku limene zinamveka kuti Manson wadwala, palibe kasitomala anapondapo. Amayi ankadutsa cha patali, napereka moni wa pakamwa, nafulumiza mapazi.

Dzuwa litakwera anafika Dorah, mchemwali wake wamkulu wa Manson. Iyeyu ankakhala ku famu ya ku Lower Gweru, ndipo anayenda masiku atatu, pena pa lole pena wapansi, n'kupeza mlongo wake ataikidwa kalekale. Anafika usiku wa Lachisanu, analira mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano analowa m'saluni osaodira.

"Alamu, mwathawa anthu kunyumba kudzatsuka zipeso?"

"Zinali zakuda," anatero Eluby.

Dorah anakhala pampando wa makasitomala, mapazi ake otupa atatambalala.

"Mlongo wanga mwamuika ngati galu wa pamsewu. Sindikunena inu, ndikudziwa ndi lamulo. Koma sanasambe, sitinamuone, anthu sanadye. Chatsala chimodzi chokha chimene tingamuchitire, ndicho kumeta. Timeta lero, anthu asanabalalike. A malume a Elifas avomera."

"Chabwino. Abwere kuno."

"Kuno? Maliro amametera pakhomo."

"Pakhomo palibe madzi, alamu, ndipo ngalande ya zonyansa yaphulika kuseri. Kuno kuli chilichonse."

Dorah anayang'ana ndowa yovindikira, anayang'ana mphika panja, napukusa mutu, koma anapita kukawaitana.

Anabwera anthu khumi ndi mmodzi, kuwerengera Dorah yemwe. Patsogolo panali a Elifas, malume ake a malemu, nkhalamba imene inakumba miyala pansi pa mgodi zaka makumi atatu, ndipo tsopano inkapuma ngati mvukuto wobooka. Pambuyo pawo panali azisuweni, azilamu, ndi Chiedza, amene anali atamasula kale nkhata za tsitsi lake, nkhope itagwa. Anakhala pa benchi ndi pa njerwa pakhonde. Dorah anamasula mfundo ya chitenje chake natulutsa kapepala. M'menemo munali lezala imodzi, yakuda m'mbali.

"Iyi ndi imene tinametera maliro a amayi athu," anatero. "Ayambe namfedwa, kenako mwana, kenako tonse mwa ukulu wathu. Alamu, khalani apa."

Eluby sanakhale. Anatsegula kabati natulutsa kapaketi kamene mnzake wina wogula katundu ku Musina, kutsidya kwa malire, anamubweretsera mwezi wathawo, pamodzi ndi mabotolo awiri a Jiki ndi limodzi la sipiriti. M'mashopu a m'tauni munalibe ngakhale machesi. M'kapaketimo munatsala malezala anayi.

"Muno munthu aliyense amametedwa ndi lezala yake," anatero. "Ndikawathyola pakati akwana anthu asanu ndi atatu. Otsalawo ndiwadula ndi sizasi."

"Ife sitinabwere kudzakongola ayi," anayankha Dorah. "Awa ndi maliro. Lumo ndi limodzi chifukwa mtundu ndi umodzi. Kumudzi anthu makumi atatu ankametedwa ndi lumo limodzi, wafa ndani?"

"Kumudziko inu munafikako?" anafunsa msuweni wina, koma palibe anaseka.

"Ndi lamulo la khonsolo," anatero Eluby. "Akandipeza atseka."

"Khonsolo yake iti? Imene yatimana madziyi?"

A Elifas anatsokomola kwa nthawi, kenako anati, "Mwana wanga, aziko ndaba, palibe mlandu. Za saluni uchite Lolemba. Lero mvera alamu ako."

Dorah anali atagwira kale Eluby paphewa, kumukankhira kumpando, lezala yakale ili pakati pa zala zake. Eluby anaona Chiedza m'galasi, ataima kumbuyo kudikira kuti akhale wachiwiri. Anaona kachilonda kumbuyo kwa khutu la mwanayo, pamene nkhata inakoka kwambiri. Panali chinthu chimene iye ndi Manson anachisunga awiri okha kwa zaka zitatu. Mapiritsi ankawabisa m'chitini cha tiyi pamwamba pa wodirobu, ndipo kukatenga ankapita ku chipatala cha mishoni chakutali kuti asakumane ndi owadziwa. Manson anamulumbiritsa kuti abale ake asadzamve. Eluby anafufuza mumtima mwake mantha amene ankakhalamo nthawi zonse pa nkhaniyi, ndipo anapeza mulibe kanthu.

"Magazi anga sali bwino," anatero. "Ndili ndi kachilombo. Manson analinso nako. Lezala imene yadutsa pamutu panga siipita pamutu pa mwana wanga, ngakhale pa wina aliyense pano."

Anazinena ndi mawu amene ankauzira makasitomala kuti aweramitse mutu. Mayi wina anakoka chitenje chake kuchotsa pamene chinakhudza benchi. Dzanja la Dorah linachoka paphewa.

"Mhamha?" anatero Chiedza, akuitana mayi wake.

"Iwe ulibe. Tinakuyezetsa uli m'giredi seveni, paja tinati ndi za malungo."

Mwanayo anatuluka nakaima pafupi ndi mphika, msana ataulozetsa kukhomo.

Azisuweni awiri ananyamuka osatsanzika. Eluby anawaona akupita, ndipo chimene chinabwera m'mutu mwake chinali chakuti tsopano atsala anthu khumi, iye yemwe pamodzi, ndipo a sizasi akhala awiri okha.

"Mlongo wanga wafa ndi kolera," anatero Dorah, mawu atatsika.

"Ndi kolera, inde."

A Elifas anadzuka movutikira, nakakhala pampando, navula chipewa.

"Yamba ndi ine," anatero. "Iwe ukhala womaliza. Mzimu wa mphwanga sungakwiye chifukwa cha mndandanda."

Eluby anasamba m'manja ndi sopo, madzi akuchita kuthira kuchokera m'jagi. Anavala magolovesi. Ndi chopanira anavuula masizasi mumphika nawayala pa thaulo lowiritsa kuti aume. Lezala anaithyola ikadali m'kapepala kake, anthu onse akuona, naika theka m'chogwirira chachitsulo. Anauza nkhalambayo kuti idzifunditse nsalu yake yomwe pamapewa, chifukwa mataulo oyera sakanakwana. Anadula tsitsi ndi sizasi, anapaka thovu la sopo ndi dzanja, nayamba kupala kuchokera pamphumi. Atamaliza anapukuta mutuwo ndi thonje la sipiriti, naponya theka la lezala lija m'chitini chotseka chimene chinali ndi kampata pamwamba. Chogwiriracho anachitsuka ndi sopo nachiviika m'ndowa ya Jiki. Anali nazo ziwiri, choncho china chikamagwira ntchito china chinkakhala m'madzi mphindi zake khumi, kenako n'kuchitsukuluza ndi kuchipukuta kuti chisachite dzimbiri.

Anali pamutu wachinayi pamene pakhomo panamveka mawu oodira m'Chishona.

"Tisvikewo."

Anali Mayi Noria Dube, woyendera za ukhondo wa ku khonsolo, mayi wowonda wovala gambutsu ndi jasi yoyera imene inali itatuwa. Ankabwera ku saluniyi kawiri pa chaka. Sabata imeneyo anali atatseka kale malo awiri ometera ndi mabutchala atatu.

"Nematambudziko, Mai Chiedza," anatero popepesa maliro.

"Akaonekwa," anayankha Eluby monga amayankhira namfedwa, osasiya kupala.

"Anthu atiuza kuti pano pali msonkhano wa maliro. Mukudziwa kuti ndi zoletsedwa."

"Tikumeta."

Mayi Dube anakulira m'komboni ya ku Redcliff, pakati pa anthu a mtundu wa Eluby, ndipo mwambowu ankaudziwa. Sanafunsenso. Analowa, navundukula ndowa, nanunkhiza.

"Mwasakaniza liti?"

"M'mawa uno. Kapu imodzi ku zisanu ndi imodzi."

"Botolo lili kuti?"

Eluby analoza ndi chibwano. Mayiyo anawerenga pa botolopo, naliyang'ana pa kuwala, chifukwa Jiki wa m'misewu masiku amenewo ankakhala theka madzi. Anagwedeza chitini cha malezala, anasuzumira mumphika, anayendetsa chala pansi pa galasi ndi kuseri kwa mpando. Anaima pa mgolo wa madzi umene unali pakona. Pamwamba pa madziwo pankayandama kapu.

"Ichi ndiye ayi. Aliyense wotunga amalowetsa dzanja. Kolera amayenda choncho. Madzi awa musasambenso m'manja, mukolopere pansi basi. A m'manja muziika m'chigubu chotseka, muzichita kupendeketsa. Mutenge kapu imodzi ya m'ndowa yanuyo ku makapu asanu ndi anayi a madzi. Chitani pompano ndikuona."

Eluby anamaliza mutu umene anali nawo, anavula magolovesi, nachita zimene anauzidwazo. Sanadziteteze. Kapu ija inali cholakwa, ndipo ankadziwa kuti sabata yapitayo sakanaisiya m'menemo.

Mayi Dube anatuluka pakhonde nauza anthu kuti azilowa mmodzimmodzi, womaliza kumetedwa azipita kunyumba, ndipo asagwirane chanza. Kenako anakhala pa njerwa pafupi ndi khomo, buku lake lili pamiyendo. Anati adikira aone mpaka kumapeto.

Ntchito inapitirira. Mnyamata wina wa ku famu anali ndi zipere pakati pa mutu. Eluby anamuuza kuti lezala siyendapo pamenepo, anangomudula pang'ono chakumphumi ndi sizasi, ndipo sizasiyo anaitsuka naibwezera mumphika. Dorah anati iye akhala wachiwiri wa sizasi, lezala ipite kwa ana. Tsitsi lonse Eluby ankalisesera m'pepala la pulasitiki, pakuti Dorah anafuna kukalikwirira kuseri kwa nyumba monga mwa mwambo, ndipo Mayi Dube anati kukwirira n'kwabwino kuposa kutaya kudzala kumene galimoto ya zinyalala inasiya kufikako.

Chiedza analowa wachisanu ndi chinayi. Anakhala pampando osayang'ana m'galasi. Tsitsi lake lalitali linagwa pamapewa, mayi wake akuzungulira kachilonda kaja mosamala.

"Munandinamiza," anatero mwanayo motsitsa.

"Inde."

"Nanunso mufa?"

"Mapiritsi ndili nawo a mwezi uno. A mwezi wamawa ndikatenga."

Atamaliza kumetedwa, Chiedza anagwira mutu wake ndi manja onse awiri, natuluka, koma kunyumba sanapite. Anakhala pansi pakhonde pafupi ndi gambutsu za Mayi Dube.

Linatsala theka limodzi la lezala. Eluby analiika m'chogwirira, nakhala pampando, natukula dzanja kuti adzimete yekha poyang'ana m'galasi.

"Namfedwa sadzimeta yekha," anatero Dorah ali pakhomo.

Kenako analowa, natambasula manja ake aakulu osweka ndi khasu.

"Ndisambe bwanji?"

Eluby anamupendekezera chigubu. Anamupatsa magolovesi omaliza m'bokosi, ndipo Dorah analimbana nawo mpaka analowa. Anameta mwamphamvu, monga amametera kumafamu, akukankha mutu uku ndi uku. Pafupi ndi nkhongo lezala inaluma. Eluby anamva kutentha, kenako kanthu kofunda kakutsikira m'khosi. Dorah anabwerera m'mbuyo, manja ali m'mwamba.

"Magazi," anatero.

"Mwavala magolovesi, amayi," anatero Mayi Dube, amene anali ataimirira. "Palibe chimene chikuchitikireni. Tengani thonje loyera apo, mutsindike pabalapo. Musapukute, mungotsindika."

Dorah anatsindika. Magazi atasiya anamata pulasitala. Thonjelo linapita m'kapepala kake lokha kuti likatenthedwe, ndipo kadontho kamene kanagwera pampando Eluby anakathira madzi a m'ndowa, nakasiya kwa mphindi khumi asanapukute. Dorah anamaliza mbali yotsalayo pang'onopang'ono, mpweya wake ukumveka.

Eluby anayang'ana m'galasi. Munali mayi wamutu wosalala, makutu ataima, pulasitala ikuonekera chakumbuyo. Anamuyang'ana monga ankayang'anira kasitomala watsopano, kuona ngati pali pamene patsala tsitsi. Panalibe.

Mayi Dube analibe mafomu. Anati ku ofesi mapepala anatha mu Okutobala. Anang'amba tsamba m'buku lake, nalemba kuti malowa ayenderedwa ndipo apezeka aukhondo, nasaina, nadinda chidindo chimene inki yake inkangooneka pang'ono.

"Mumate pachitseko, anthu aziona. Ndibweranso pakatha masabata awiri kudzaona mgolo uja. Ndikadzapezamo kapu ndidzatseka, maliro kapena ayi."

"Ndamva."

Dorah ananyamuka Lolemba m'mamawa. Za matenda sanazitchulenso. Potsanzika anangoti, "Muzidya, alamu," nasiya thumba la nyemba limene anabwera nalo. Lezala yakale ija anabwerera nayo m'mfundo ya chitenje.

Nkhani inali itazungulira kale Maglas yense. Eluby anaidziwa ndi mmene mzere wa kuchibhorani unkatsegukira iye akafika. Ankatsegula saluni tsiku lililonse, ankataya Jiki wa dzulo nasakaniza watsopano, ankawiritsa masizasi amene sanadule kanthu. Botolo loyamba linatha. Ena ankaima kuwerenga pepala la pachitseko, napitirira. Chiedza sankalankhula naye kwenikweni, koma anayamba kuika chitini cha tiyi patebulo nthawi ya kadzutsa, pambali pake kapu ya madzi owiritsa.

Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ifike, kunabwera mayi wina dzina lake Rosina, mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale imene inali itatsekedwa kuyambira pakati pa chaka. Ankapita ku ukwati wa mng'ono wake ku Silobela. Anaima pakhomo atakumbatira chikwama.

"Kumene ndimapita anatseka," anatero. "Akuti inu ndi amene mwatsala ndi pepala."

"Lowani."

Rosina anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando. Anatulutsa chipeso chake m'chikwama.

"Ndabwera ndi changa. Musandimve molakwa."

Eluby anachilandira, nachiyang'ana. Pakati pa mano ake panali mafuta akuda.

"Nachonso ndichitsuka ndi kuchiviika kaye. Ndi mphindi khumi."

Anachitsuka ndi kaburashi, nachiika m'ndowa, navindikira. Rosina ankatsatira chilichonse ndi maso, mpaka mmene Eluby anasambira pakati pa zala. Wotchi inkagunda pakhoma. Kenako Rosina anasendera m'mbuyo, natsamira, namasula duku lake.

"Mizere ingati?" anafunsa Eluby.

"Isanu ndi itatu, yopita kumbuyo. Musakoke kwambiri, ndimamva mutu."

Eluby anagawa tsitsi pakati, nayamba kuluka.